Mphindi imodzi ndi theka ya Kamuzu: mmene amalembera "Tsiku Ngati Lero" pa wailesi

Dr Hastings Kamuzu Banda atamwalira pa 25 Novembala 1997 kuchipatala cha Garden City mumzinda wa Johannesburg, atolankhani sanavutike kupeza tsiku, malo kapena dzina la chipatala. Chomwe chinawazunguza mutu ndi zaka za malemuwo. Potengera tsiku lobadwa lomwe boma linkakondwerera chaka ndi chaka, 14 Meyi 1906, ndiye kuti anali ndi zaka 91. Chikalata cha imfa yawo chinati 99. Panalinso ena omwe ankalumbira kuti mkuluyo anali atadutsa kale zaka 100.

Vuto limeneli silinapite nawo kumanda. Limamupeza aliyense amene wapatsidwa ntchito yolemba kachigawo kaja komwe mawailesi ambiri amaulutsa mmawa kapena nkhani zikangotha, kokumbutsa omvera kuti tsiku ngati lero kunabadwa uje kapena kunamwalira uje. Kachigawoka n'kakafupi, nthawi zambiri mphindi imodzi kapena ziwiri, ndipo kufupikako n'komwe kumapusitsa anthu kuti n'kosavuta. Mwana wasukulu amene wamva chaka cholakwika pa wailesi amakachilemba pa mayeso, ndipo mukamutsutsa amakuyankhani kuti anamva yekha ndi makutu ake. Nyuzipepala ikalakwitsa, wowerenga atha kubwerera pa mzere womwewo n'kuyamba kukayika. Mawu a pa wailesi amadutsa kamodzi basi.

Tiyeni titenge Kamuzu yemweyu tione mmene wolemba wosamala angakonzere masekondi 90 a pa 25 Novembala.

Ntchito imayamba ndi madeti awiri, lobadwa ndi lomwalira, ndipo lililonse liyenera kufunsidwa funso limodzi: ananena ndani, nanga iyeyo anadziwa bwanji? Deti la imfa ya Kamuzu lili ndi mboni zokwanira. Pali chipatala, chikalata cha imfa, chilengezo cha boma ndi nyuzipepala za sabata imeneyo, ndipo zonse zikugwirizana. Deti lobadwa lilibe mboni yotere ngakhale imodzi. Kamuzu anabadwira kumudzi, kufupi ndi Kasungu, pa nthawi yomwe kunalibe kalembera wa ana obadwa, ndipo makolo ankakumbukira kubadwa kwa mwana potchula nyengo kapena chochitika chachikulu cha chaka chimenecho. Philip Short, yemwe anatulutsa buku la mbiri ya Kamuzu mu 1974, anafika pa mfundo yoti anabadwa cha mu Febuluwale 1898, ndipo olemba mbiri ambiri amatsamira ku chaka chimenechi.

Wolemba wa pa wailesi sayenera kukhala katswiri wa mbiri yakale kuti aone mbali yolemera. Angoyika chaka chokayikitsacho pambali pa zochitika zina za moyo wa munthuyo zomwe n'zodziwika bwino. Kamuzu anachoka kwawo wapansi cha m'ma 1915, atayamba kale kuthandiza kuphunzitsa pasukulu ya mishoni, n'kukagwira ntchito pachipatala ku Hartley, ku Southern Rhodesia, asanapitirire ku South Africa. Ngati anabadwa mu 1906, ndiye kuti zonsezi ankachita ali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Ngati anabadwa mu 1898, anali mnyamata wa zaka 17, ndipo nkhaniyo ikumveka. Kawerengedwe aka ka pa zala kamatenga nthawi yochepa kuposa kuwiritsa madzi a tiyi, koma kamagwira zolakwika zambiri zomwe zimangokopedwa kuchoka m'buku lina kupita m'buku lina. Masamba khumi a pa intaneti onena chinthu chimodzi si mboni khumi ayi, chifukwa kawirikawiri onsewo anatapa pamalo amodzi.

Tsono muulutsi anene chiyani? Anene zomwe zikudziwika, mmene zikudziwikira. Kunena kuti "tsiku lenileni silidziwika" si manyazi, ndipo omvera a kuno amamvetsa msanga, poti ambiri ali ndi agogo omwe chaka cha pa chitupa chawo chinachita kuyerekezedwa ndi kalaliki. Cholakwika chachikulu chimabwera pa 14 Meyi, tsiku la tchuthi chokumbukira Kamuzu, pomwe pakamwa pamafuna kuthamangira kunena kuti "tsiku ngati lero mu 1906 kunabadwa Ngwazi." Chiganizo choona n'chakuti lero ndi tsiku lomwe boma linakhazikitsa kuti likhale lokumbukira kubadwa kwawo. Kusiyana kwa ziganizo ziwirizi ndi mawu ochepa chabe, koma china chikuphunzitsa zabodza ndipo china ayi.

Tchuthi cha John Chilembwe chili ndi msampha womwewo. Dziko limamukumbukira pa 15 Januwale, koma kuukira kwake kunayamba pa 23 Januwale 1915, ndipo anaphedwa pa 3 Febuluwale chaka chomwecho. Kubadwa kwake kumangoyerekezedwa kuti kunali cha m'ma 1871. Wolemba amene waona tsiku lofiira pa kalendala n'kuganiza kuti ndi tsiku la imfa walakwitsa ndi masabata pafupifupi atatu.

Musaganize kuti madeti a imfa ndiye alibe zovuta. Pali tsiku lomwe munthu wamwalira, tsiku lomwe imfayo yalengezedwa ndi tsiku la maliro, ndipo atatuwa amasokonezeka m'makumbukiro a anthu. Bingu wa Mutharika anamwalira pa 5 Epulo 2012, koma boma linalengeza pa 7 Epulo, tsiku lomwe Joyce Banda analumbiritsidwa. Amene akukumbukira tsiku lomwe anamva uthengawo pa wailesi adzakuuzani 7, ndipo sakunama, koma akuyankha funso lina. Kamuzu naye anaikidwa m'manda ku Lilongwe pa 3 Disembala 1997, patatha masiku asanu ndi atatu chimwalirireni. Kachigawo kathu kayenera kunena momveka kuti kakukumbukira chiti mwa zitatuzi.

Zaka zomwe munthu anakhala ndi moyo nazo zimafuna kusamala. Kuchotsera chaka chobadwa ku chaka chomwalira kumapereka yankho lolondola pokhapokha ngati munthuyo anali atadutsa kale tsiku lake lobadwa m'chaka chomwe anamwaliracho. Kenneth Kaunda anabadwa pa 28 Epulo 1924 n'kumwalira pa 17 Juni 2021, ndiye 97 ikukwana bwino. Koma Rose Chibambo, mayi amene nkhope yake ili pa ndalama ya K200, anabadwa pa 8 Seputembala 1928 n'kumwalira pa 12 Januwale 2016. Kuchotsera kukupereka 88, pomwe iwo anamwalira ali ndi zaka 87, poti Seputembala anali asanafike. Kwa munthu ngati Kamuzu, amene chaka chake chobadwa n'choyerekeza, mawu oti "pafupifupi" sayenera kusowa.

Madeti akakhazikika, chotsatira n'kusankha zoti zilowe. Apa ndi pomwe olemba ambiri atsopano amamira, chifukwa moyo wa Kamuzu uli ndi zaka zofunika zochuluka kwambiri. Anapita ku America mu 1925, anamaliza udokotala ku Meharry mu 1937, anakapezanso ziyeneretso ku Edinburgh mu 1941, anagwira ntchito ku England ndi ku Ghana, anatera pabwalo la ndege la Chileka pa 6 Julayi 1958, anamangidwa pa 3 Malichi 1959, anatulutsidwa pa 1 Epulo 1960, anakhala nduna yaikulu mu 1963, ndipo ulendo ukupitirira mpaka riferendamu ya pa 14 Juni 1993 ndi chisankho cha pa 17 Meyi 1994. Zonsezi n'zoona, koma mukaziwerenga motsatizana pa maikolofoni, mayi amene akutsuka mbale uku akumvera sagwirapo ngakhale chimodzi. Khutu silitha kusunga manambala ambiri nthawi imodzi. Ndiye wolemba amasunga zaka zitatu kapena zinayi, zisanu zikachulukitsitsa, ndipo zina zonse amazisandutsa mawu osonyeza kutalika kwa nthawi: "atakhala kunja zaka zoposa makumi anayi," "analamulira zaka makumi atatu." Izi womvera amaziona m'maganizo mwake popanda kuwerengera.

Nali pepala lomwe lingapite kwa muulutsi:

"Lero ndi pa 25 Novembala. Tsiku ngati lero, m'chaka cha 1997, kunamwalira mtsogoleri woyamba wa dziko la Malawi, Dr Hastings Kamuzu Banda. Anamwalirira kuchipatala mumzinda wa Johannesburg, ku South Africa.

"Dr Banda anabadwira kufupi ndi Kasungu. Tsiku lenileni silidziwika, poti nthawi imeneyo kunalibe kalembera wa ana obadwa. Boma linkati ndi 1906, koma ofufuza mbiri ambiri amati ndi cha m'ma 1898.

"Anachoka kwawo wapansi ali mnyamata. Anagwira ntchito kumigodi ku South Africa, kenako anakaphunzira udokotala ku America ndi ku Scotland. Atakhala kunja zaka zoposa makumi anayi, anabwerera kudzatsogolera ntchito yothetsa chitaganya. Atsamunda anawatsekera kundende ya Gweru kwa chaka ndi mwezi. Mu 1964 dziko linalandira ufulu wodzilamulira iwo ali patsogolo.

"Analamulira zaka makumi atatu. Ena amawakumbukira chifukwa cha misewu, sukulu ndi ulimi. Ena amakumbukira abale awo omwe anatsekeredwa osazengedwa mlandu, omwe anathawa m'dziko, ndi omwe anaphedwa. Mu 1994 anagonja pa chisankho, ndipo anavomereza kugonjako.

"Ameneyo ndi Dr Hastings Kamuzu Banda, yemwe anamwalira tsiku ngati lero mu 1997, ali ndi zaka pafupifupi 99."

Taonani kaye poyambira. Tsiku likubwera choyamba, chifukwa ndilo chifukwa chokhacho chomwe tikukambira za munthuyu lero osati dzulo. Udindo ukubwera dzina lisanatchulidwe, kuti khutu likonzeke kulandira dzinalo. Wolemba nyuzipepala atha kuyamba ndi dzina n'kutsatiza mafotokozedwe ataliatali pakati pa chiganizo, koma pa wailesi, womvera amene anacheukira mwana pa sekondi yoyamba ndiye kuti dzina lamudutsa. N'chifukwa chakenso dzina lonse likubwerezedwa kumapeto pamodzi ndi chaka. Anthu amatsegula wailesi pakati pa nkhani, m'minibasi kondakitala amakhala akukuwa, ndipo amene wayamba kumvera pa "anachoka kwawo wapansi" ali ndi ufulu wodziwa kuti akukambidwayo ndani.

Ziganizo zake n'zazifupi, chilichonse chanyamula mfundo imodzi, ndipo muulutsi atha kuchimaliza ndi mpweya umodzi. Mulibe zidule zoti achite kumasulira ali pa mphepo. Mulibenso mawu oti "zaka zakutizakuti zapitazo." Mapepala a kachigawo aka amasungidwa n'kudzatulutsidwanso chaka chamawa, ndipo nambala yotere imakalamba pomwe chaka cha 1997 sichisintha. Mkonzi akafuna kuti imveke, asiye mpata pa pepalalo woti azilembamo ndi pensulo chaka chilichonse.

Za katchulidwe ka manambala, aulutsi athu amatchula zaka za pa kalendala m'Chingerezi, monga timachitira tonse pocheza, ndipo palibe chifukwa cholimbana nazo. Koma manambala osavuta monga makumi atatu kapena makumi anayi amakoma m'Chichewa ndipo amalowa m'khutu bwino. Zikafika pa 99 mpamene wolemba ayenera kusankhiratu, chifukwa "makumi asanu ndi anayi kudza mphambu zisanu ndi zinayi" imadya masekondi angapo, ndipo womvera amakhala akuphatikiza m'mutu pomwe muulutsi wapita kale patsogolo. Chomwe chasankhidwa chilembedwe pa pepala mmene chidzatchulidwire, muulutsi asachite kuganiza nyali yofiira itayaka.

Kutalika kwa pepala sikuyezedwa ndi maso. Mabuku ophunzitsa utolankhani amati muulutsi amawerenga mawu atatu pa sekondi, koma lamulo limeneli ndi la Chingerezi, chomwe mawu ake ambiri ndi aafupi. Liwu limodzi la Chichewa monga "anakaphunzira" lanyamula zomwe Chingerezi chimanena ndi mawu anayi, ndiye wotsata lamulo lija amapezeka walemba zochuluka kwambiri. Njira yodalirika n'kuimirira, kutchera wotchi ya pa foni, n'kuwerenga mokweza pa liwiro la pa mphepo, kupuma pomwe pali mpumiro. Pepala lili pamwambali lili ndi mawu pafupifupi 160, ndipo likawerengedwa modekha limafika cha pa mphindi imodzi ndi theka. Mukamuona muulutsi wozolowera ntchito atalandira pepala lotere, amatenga cholembera n'kuyamba kulicheka: kamzere kopendekeka pomwe adzapume, mzere pansi pa "silidziwika" ndi pa "pafupifupi" kuti mawu amenewa asamezedwe, ndipo milomo ikuyenda mwakachetechete pa "Johannesburg." Pomwe lilime lapunthwa poyeserera, chiganizocho chimalembedwanso. Nthawi ikachepa, amachotsa chiganizo chathunthu, monga cha kundende ya Gweru, osati kuthamangitsa mawu.

Ndime yachinayi ya pepalali ndi yomwe imatenga nthawi yaitali kulemba, ngakhale ili ndi ziganizo zinayi zokha. Kamuzu si munthu amene Amalawi amamukumbukira mofanana. Pa 25 Novembala pamakhala akumvera agogo amene anavina pamaso pake ndi mtima wonse, ndipo pamakhalanso akumvera mwana wa munthu amene anatengedwa usiku osabwereranso. Mwambo wathu umati womwalira sanenedwa zoipa, ndipo pamaliro mwambowu uli ndi malo ake. Koma kachigawo aka si mwambo wa maliro. Ndi phunziro la mbiri, ndipo kwa achinyamata ambiri obadwa 1994 itadutsa, mwina ndi phunziro lokhalo lomwe adzamve chaka chimenecho lokhudza munthuyu. Pepala longotamanda likuwanamiza, ndipo longonyoza likuwanamizanso. Ine ndimaona kuti wolemba amene wasiya mbali imodzi pofuna kupewa mafoni odandaula walephera ntchito yake, ngakhale madeti ake onse atakhala olondola.

Chomwe chimathandiza n'kunena zochitika m'malo mopereka maina. "Ngwazi," "Mkango," "mpulumutsi" ndi "wankhanza" onse ndi maina onyamula chigamulo, ndipo wailesi ikawatchula ngati mawu ake ndiye kuti yaweruza kale. Kunena kuti anthu ankatsekeredwa osazengedwa mlandu ndi chochitika chomwe chili ndi umboni. Kunena kuti anavomereza kugonja mu 1994 nachonso ndi chochitika. Womvera aziyika yekha pa sikelo. Ulemu wa chilankhulo, monga kunena kuti "iwo" ndi "anawatsekera," utsalire, chifukwa umenewo timapereka kwa wamkulu aliyense, ndipo suyenera kusintha potengera chipani chomwe chili m'boma chaka chimenecho.

Wolemba akafuna kutchula nkhani inayake yeniyeni, ayenera kuinyamula yonse. Chitsanzo ndi imfa ya Aaron Gadama, Dick Matenje, Twaibu Sangala ndi David Chiwanga ku Mwanza mu Meyi 1983. Boma la nthawi imeneyo linati inali ngozi ya galimoto. Bungwe lofufuza lomwe linakhazikitsidwa ulamuliro utasintha linapeza kuti anachita kuphedwa. Kamuzu anazengedwa mlandu pa nkhaniyi, ndipo mu Disembala 1995 khoti linamupeza wosalakwa. Amene watchula za mlandu osatchula chigamulo wapotoza nkhani, chimodzimodzinso amene watchula chigamulo osanena kuti anthu anayiwo anaphedwadi. Ngati masekondi sakulola ziganizo zitatu zonsezi, ndi bwino nkhaniyi ipatsidwe tsiku lakelake mu Meyi kusiyana n'kuidula pakati.

Mawu onenera imfa nawo amasankhidwa. Chichewa chili ndi njira zambiri zofewetsera uthengawu: anatisiya, anatsikira kulichete, anagona. Pa kachigawo ka mbiri, "anamwalira" ndi mawu aulemu okwanira ndipo sasocheretsa munthu. Koma munthu amene anachita kuphedwa, monga Chilembwe, tinene kuti anaphedwa, chifukwa "anatisiya" akubisa chinthu chenicheni chomwe tsikulo likukumbukiridwira. Palinso ngozi ina yomwe ndi ya wailesi yokha. Womvera amene wangogwira mawu oti "wamwalira" ndi dzina la munthu wotchuka atha kuganiza kuti ndi uthenga wa lero, makamaka ngati dzinalo likufanana ndi la munthu wamoyo, ndipo a Banda m'dziko muno ndi ambiri. N'chifukwa chake chaka chimatchulidwa mneni asanabwere, ndipo mneniyo amakhala wa kale, "anamwalira," osati "amwalira" kapena "wamwalira." Kanyimbo kotsegulira kachigawoka, komwe kamakhala kamodzimodzi tsiku lililonse, kamathandizanso kusiyanitsa mbiri ndi nkhani zongochitika kumene.

Wailesi yomwe ili ndi mawu ojambulidwa a munthuyo ili ndi mwayi waukulu, ndipo a Kamuzu alipo ambiri. Masekondi khumi kapena khumi ndi asanu a mawu ake enieni amachita zomwe ndime yonse singachite. Koma masekondi amenewo amachotsedwa pa 90 omwe aja, ndipo muulutsi ayenera kunena kuti mawuwo analankhulidwa liti komanso kuti. Tepi yomwe chaka chake sichikudziwika isapatsidwe chaka chongoganizira. Kumbukiraninso kuti Kamuzu ankalankhula pagulu m'Chingerezi womasulira ali pambali, ndiye pa pologalamu ya Chichewa pafunika chiganizo chimodzi chofotokoza zomwe wanena.

Chomaliza chomwe ndingapemphe akonzi a mapologalamu n'chakuti pansi pa pepala lililonse pazilembedwa komwe deti lililonse lachokera, dzina la buku kapena nyuzipepala ndi tsamba lake, ngakhale izi siziwerengedwa pa mphepo. Munthu wachiwiri aziona madetiwo pepala lisanalowe mu situdiyo. Womvera akaimba foni kutsutsa, yankho limakhala pafupi, ndipo ngati womverayo ndiye akulondola, wailesi ikonze pa nthawi yomweyo ya pologalamu tsiku lotsatira, kenako ikonzenso pepala lomwe lili mu faelo, kuopa kuti cholakwika chomwecho chingadzaulukenso chaka chamawa. Inunso omvera, mukamva kuti Kamuzu anabadwa pa 14 Meyi 1906 popanda mawu ena owonjezera, imbani foni mufunse komwe deti limenelo alitenga.